Sipika ija ikuyaka koma foni osaiona, nazi zomwe ndaona miyezi yonseyi

Kasipika ka Bluetooth kaja ndinagula ku Limbe nthawi ya dzinja, kokhala ndi wailesi, polowetsa fulashi ndi memori khadi, kakadalipo ndipo bezi ikugundabe bwinobwino. Batire ndiye yafookako, kale inkandifikitsa usiku koma pano ikamakwana 4 koloko yayamba kale kulira kuti nditchaje. Zimenezo ndinkayembekezera. Chomwe chimanditopetsa ndi chakuti umaiyatsa, kagetsi kabuluu kayaka, kamawu kaja kalira, koma ukatsegula Bluetooth pa foni dzina lake mulibe, ungasake mpaka kutopa.

Sikuti yafa ayi, musathamangire kwa okonza. Yangayi, ngati masipika ambiri otchipawa, imagwira foni imodzi basi, ndipo ukangoiyatsa imathamangira foni yomwe inalumikizana nayo komaliza, ikaipeza imasiya kudzionetsa kwa ena onse. Kwathu kuno amakhala alamu anga, foni yawo ili pa tchaja kuchipinda Bluetooth osazimitsa, ndiye poti zinthuzi zimafika mamita ngati 10 ndipo kakhoma kamodzi sikatchinga kwenikweni, sipika ili pabalaza yagwira kale foni ya munthu amene ali mtulo.

Chimaulula ndi kagetsi kaja. Kakamaphethira mwachangu ndiye kuti ikusaka foni ndipo iyenera kuoneka pa mndandanda. Kakangoyaka phee osaphethira, dziwani kuti wina waigwira kale. Apo ndimawauza alamu azimitse Bluetooth yawo kaye, sipindi pang'ono kagetsi kayambanso kuphethira, dzina latulukira. Masipika ena ali ndi batani lakelake la Bluetooth loti ungodina nkugwira mpaka ilire, imataya foni inayo yokha, yangayi ilibe ndipo ndi chimene ndimaida nacho.

China ndi memori khadi. Ana akaisiya mkatimo, sipika ikayaka imalowa ku khadi osati ku Bluetooth, ndipo ngati mulibe nyimbo zomwe ingawerenge imangokhala chete, iwe nkumaganiza kuti ikudikira foni. Chimodzimodzi kachingwe ka AUX kakatsala kobaya kumbuyo. Zulani zonsezo kenako dinani batani la M mpaka kagetsi kaphethire.

Foni nayonso nthawi zina imasokoneza. Sipika yomwe munailumikizapo kale simaoneka pa zida zatsopano, imakhala pa zosungidwa zija, ndiye ikamakana pamenepo dinani kachizindikiro kali pambali pa dzina lake, Forget, kenako Pair new device muyambirenso.

Kodi ndingagulenso? Pa mtengo umene uja eya, mawu ake ndi abwino ndipo magetsi akathima wailesi ija imatisungitsa. Koma ngati pakhomo panu mafoni ndi ambiri, musanalipire onetsetsani kuti ili ndi batani la Bluetooth lapadera, ndipo muiyese ndi mafoni awiri mushopu momwemo.