Kufufuta waya mu filimu: After Effects, Fusion kapena Mocha Pro?

Anthu atatu andifunsa funso lomweli mwezi uno, ndiye ndingoyankha kamodzi basi. Zonse zinayamba ndi kavidiyo kanyimbo kamene tinajambula chaka chatha, pamene lichero limauluka lokha kudutsa kutsogolo kwa woyimba. Licherolo tinalimangirira ndi nayiloni iwiri yowedzera nsomba ku nsungwi yaitali, mnyamata wina atakwera pa mpanda akuyendetsa. Shoti yake masekondi 4 okha, pa mafulemu 25 pa sekondi ndiye kuti mafulemu 100. Ine ndinkati ndi ntchito ya madzulo amodzi. Inanditengera masiku atatu.

Ndiyambe ndi chimene chinandipweteka. Ndinagula kapulagini kena pa intaneti (dzina sinditchula) kamene amati ukangojambula mzere pa waya wako kenako zonse zatheka. Mu kavidiyo kawo kotsatsa waya anali pa thambo loyera la buluu, kamera ili chiimire. Pamenepo ngakhale mwana wa Sitandade 5 afufuta. Kwa ine nayiloni imadutsa pa khoma la njerwa, kenako pa chitenje cha maluwa cha woyimba, kamera ili m'manja ikugwedezeka. Kapulaginiko kanafufuta wayayo inde, koma mizere ya simenti pakati pa njerwa inathyoka, ukamaonera umaona kanjoka kosaoneka kakuyenda pakhoma kakupinda chilichonse chimene kadutsa. Pa fulemu imodzi zimaoneka bwinobwino, vuto limatuluka ukaisewera. Ndalama ija ndiye inapita, kubweza anakana.

Ndinazindikira mochedwa kuti njira zofufutira waya zilipo ziwiri basi, mapulogalamu onsewa amangozivala mosiyana. Yoyamba ndi kukoka mitundu ya mbali iyi ndi mbali iyo ya waya nkuphimba pakati. Yachiwiri ndi kukatenga chimene chili kumbuyo kwa waya kuchokera pa fulemu ina imene wayayo panalibe, kapena pa shoti ya malo omwewo opanda kanthu, ija timati kilini puleti. Yoyamba imanama, yachiwiri imabwezeretsa zenizeni. Ndiye musanafunse kuti pulogalamu yabwino ndi iti, yang'anani kaye chili kumbuyo kwa waya wanu.

After Effects ili ndi `CC Simple Wire Removal` yobwera nayo kale. Umaika `Point A` ndi `Point B` kumapeto kwa waya, kukweza `Thickness` mpaka wabisika, nkumasuntha timadonthoto fulemu ndi fulemu. Pa thambo kapena khoma la penti imodzi ndi mphindi khumi watha. Koma imadziwa mzere wowongoka wokha, chingwe chikapindika umayenera kuika angapo motsatana, ndipo pa njerwa njira yake ya `Displace` inandipatsa kanjoka komwe kaja. `Frame Offset` ndiye inandithandizako pang'ono chifukwa imabwereka ku fulemu ina, koma kamera ikagwedezeka njerwa zobwerekazo sizigwera pamalo pake.

Palinso `Content-Aware Fill` imene inalowa mu After Effects mu 2019. Umadula masiki kuzungulira waya, iyo imadzaza. Pakhoma inachita bwino ndithu, sindinama. Pa chitenje inasakaniza maluwa ngati phala. Imatulutsanso mulu wa zithunzi nthawi iliyonse ukayesa, disiki kudzadza osadziwa. Ndipo After Effects ndi yolipira mwezi ndi mwezi, kwa ife amene kupeza madola pa khadi ndi nkhondo, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Mocha Pro ndi imene inapangidwira vuto ngati langali. Umatsata khoma ngati chinthu chimodzi chafulati, umatsatanso waya pa leya yake pamwamba, kenako `Remove` imapita kukasaka mafulemu ena pamene njerwa imeneyo imaoneka nkuibwezera, mpaka kukonza kuwala ngati kwasintha. Chenjerani apa: Mocha amene amabwera ndi After Effects ndi `Mocha AE`, amatsata ndi kudula masiki koma `Remove` mulibe, imeneyo ndi ya Pro yogula payokha. Ndinaiyesa pa kompyuta ya mnzanga, khoma lonse linayera mu ola limodzi. Malire ake ndi akuti imafuna kumbuyo kukhale kwafulati kapena kogawika m'magawo afulati. Chitenje chikuvina ndi mphepo sichili choncho.

Pulogalamu ya Nuke ndingoitchula, `F_WireRemoval` ya mu NukeX ndi ya anthu a masitudiyo akuluakulu, ndipo Nuke yaulere saloleza kugwirira ntchito yolipidwa.

Amene anandipulumutsa ndi Fusion ya mu DaVinci Resolve yaulere, ndipo ndivomere kuti pano ndimaikondera. `Object Removal` ili mu Resolve Studio yogula kamodzi, koma ine sindinaifune. Khoma ndinachita chonchi: ndinasankha fulemu 12 pamene lichero linali lisanafike pakati, ndi `Paint` ndinakopera njerwa zapafupi kuphimba nayiloni mpaka ndapeza chithunzi chimodzi choyera, nkuchiimitsa. `Planar Tracker` inatsata khoma, ndinatulutsa `Planar Transform` kuti chithunzi choyeracho chiziyenda limodzi ndi kamera, kenako kamasiki kowonda kotsatira waya kuti chigambacho chizioneka pokhapo pamene pali waya. Mafulemu 70 anatha choncho. Nditaonera pa TV yaikulu ndinaona kamzere kosalala kwambiri, chifukwa chithunzi choimitsa timadontho take ta kamera sitiyenda pamene kwina konse tikunyevuka. Ndinaonjezera `Film Grain` pa chigamba chokhacho, kanasowa.

Mafulemu 30 a pa chitenje ndiye panalibe chidule. Kukopera ndi dzanja, nthawi zina kuchokera fulemu yapitayo pamene duwa lomwelo linali lisanaphimbidwe, kusewera, kuona pakuphethira, kubwerera. Tsiku lathunthu ndi theka. Magetsi anazimanso pakati, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Chinanso chimene palibe pulogalamu inandiuza: mthunzi. Waya utachoka, pakhoma panatsala mthunzi wa nsungwi ija ukuyenda wokha pakona. Woyimba ndi amene anauona, "achimwene, nanga ichi ndi chiyani?" Kwa amene mumapachika munthu ndi malamba a m'chiuno zimaposa apa, chifukwa chingwe chimakoka malaya kupanga kaphiri kumsana, ukafufuta chingwe kaphiriko kamatsala kakuloza kumwamba ndipo aliyense amadziwa. Pamenepo ukupenta malaya atsopano, osati kufufuta waya. Ndipo chonde musachepetse chingwe cha munthu kuti chisavute kufufuta, chonenepa chimatsatika bwino kuposa nayiloni imene imasowa nkutulukanso dzuwa likaimenya.

Ndiye mukandifunsa: kumbuyo kuli thambo kapena khoma losalala ndipo After Effects muli nayo kale, `CC Simple Wire Removal` yakwana. Mashoti ambiri, kamera yoyenda, kasitomala wolipira bwino, Mocha Pro ibweza ndalama yake. Enafe Fusion ndi kuleza mtima. Vidiyo yotsatira tinaika kamera pa miyendo itatu, titamaliza ndinauza onse achoke, ndinajambula khoma lokhalo masekondi khumi dzuwa lisanasunthe, ndipo lichero tinalidutsitsa pamwamba pa mutu osati kutsogolo kwa chitenje. Waya wa mu shoti imeneyo ndinamufufuta tiyi wanga asanazizire.