Musangodandaula pa foni: lembani kalata, manambala akhale kumbuyo kwake

Ambiri a ife tili kuno ku Joni timatumiza ndalama mwezi ndi mwezi kuti rauta ya intaneti ya kunyumba ku Salima isazime, tizionana ndi ana pa vidiyo. Pogula anatiuza kuti liwiro lake ndi 10 Mbps, ndipo ndi yopanda malire. Koma ikangokwana 7 koloko madzulo nkhope ya mwana imauma pa sikirini, mawu n'kumaduka. Mukaimba ku kampani yankho ndi lomwe lija: zimitsani, muyatsenso. Abale anga, mkwiyo wa pa foni sukonzetsa chilichonse. Chimene chimawagwedeza ndi kalata yokhala ndi umboni woti vuto lili kwa iwo, osati m'nyumba mwanu.

Umboniwo ndi zotsatira za kuyeza liwiro, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Kuyeza pa foni muli kukhitchini, rauta ili kuseri kwa makoma awiri, ana atatu akuonera mpira, ndi kuwapatsa pothawira. Adzati vuto ndi wayifayi yanu, ndipo mwina adzakhala akunena zoona. Lumikizani laputopu ku rauta ndi waya, chotsanipo mafoni onse. Ngati laputopu palibe, imani pafupi ndi rauta ndi foni imodzi yokha. Yezani katatu pa tsiku kwa sabata yathunthu: m'bandakucha, masana, ndi cha m'ma 8 koloko usiku. Nthawi iliyonse jambulani sikirini yoonetsa Download, lomwe ndi liwiro lolandirira; Upload, liwiro lotumizira; Ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita n'kubwerera; tsiku ndi nthawi. Dziwani kuti kuyezako kumadya bandulo, choncho musapitirire pamenepo.

Tiyerekeze banja la pa boma la Salima lomwe likulipira K60,000 pa mwezi. M'bandakucha lapeza 9 Mbps, masana 6, usiku 0.8, Upload ili pa 0.3, Ping yakwera kufika 400 ms. Likatsegula tsamba la rauta, lomwe adiresi yake imalembedwa pansi pa rautayo, nambala ya RSRP ili pa -92 nthawi zonse zitatu. Nambala imeneyi imaonetsa mphamvu ya netiweki yochokera ku nsanja, ndipo muziijambulanso nthawi iliyonse mukamayeza. Ngati sikusintha koma liwiro likugwa usiku wokha, rauta ndi yabwino, malo ake ndi abwino. Nsanjayo ndiye yadzadza, aikapo anthu ambiri kuposa mphamvu yake. Limenelo ndi vuto la kampani. Koma RSRP ikakhala pa -110 kapena kutsika kuposa apo, monga zimachitikira nyumba zotalikira nsanja, liwiro limakhala loipa usana ndi usiku, ndipo choyamba ndi kusunthira rauta pa windo loyang'ana nsanja kapena kuika mlongoti panja.

Musanalembe, werengani timalemba ting'onoting'ono ta mgwirizano. "Yopanda malire" ija kawirikawiri imabisa malire: mukafika mlingo wina, amatsitsa liwiro dala mpaka mwezi uthe. Wogulitsa sanena zimenezi, ndipo n'zopweteka kwa munthu amene ndalamayo waikhetsera thukuta kunja. Chizindikiro chake n'chakuti liwiro limaima pa nambala imodzi tsiku lonse, n'kubwerera mwakale mukangolipiranso.

Kalatayo ikhale yaifupi, mutu wake ukhale nambala ya akaunti. Thunthu lake likhale motere: "Ndimalipira K60,000 pa mwezi pa liwiro la 10 Mbps. Kwa masiku 14 tsopano intaneti sikugwira ntchito madzulo. Ndaphatikiza zithunzi 21 za sabata imodzi, zoyezedwa ndi waya, zoonetsa kuti usiku liwiro silifika 1 Mbps pomwe RSRP sikusintha. Ndikupempha kuti mukonze pasanathe masiku 7, mundipatse nambala ya dandauloli, ndipo mundibwezere K28,000 ya masiku amenewa kapena muwaonjezere pa mwezi wamawa." K28,000 imeneyo ndi K2,000 pa tsiku kuchulukitsa ndi 14. Onjezani kuti akuuzeni polemba ngati kubwera kwa mmisiri kuli ndi mtengo, chifukwa ena amakonza kenako n'kukulipiritsani ulendo pa vuto lawo lomwe. Amisiri achilungamo alipo: amene angayang'ane manambala anu n'kunena poyera kuti nsanja yadzadza, osakugulitsani rauta ina, mupempheni alembe zimenezo pa pepala la ntchito.

Tumizani pa imelo, kapena m'bale apite nayo ku ofesi makope awiri, imodzi adinde chidindo abwerere nayo. Dzina la pa kalata likhale la mwini akaunti, osati la inu wotumiza ndalama, apo ayi adzakana kuyankha. Masiku 7 akatha kuli zii, tengani kalata yomweyo, zithunzi, malisiti ndi nambala ya dandaulo mupereke ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mauthenga m'Malawi. Ndipo inu amene mukulota zolipiriratu miyezi 6 kuti mtengo utsike, lekani. Lipirani mwezi umodzi, yezani usiku, muone kaye.