Timabokosi ta PWM m'khola la nkhuku patapita miyezi 8

"Alamu, timabokosi tija munaika m'khola mu Malichi tikugwirabe ntchito? Ndikufuna kugula ta nyale ndi fani kuno ku Katete, koma ndikuopa kutaya ndalama."

Tikugwira, alamu, ndipo batire langa likufika m'mawa lili ndi moto. Koma kamodzi ndinakapsereza ndekha mu Seputembala, ndiye musanagule imvani momwe zinayendera.

Khola langa kuno ku Chipata limayendera sola ndi batire la mavoti 12, lolembedwa 100Ah. Ndinaika zimenezi kuchokera mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima tsiku lonse. Batire la asidi ngati ili sulimaliza lonse, umangodyako theka ngati ukufuna likhalitse, choncho chomwe ndili nacho tsiku lililonse ndi 50Ah basi. Pa batirepo pali chingwe cha nyale za LED cha mamita 5, chomwe chimakoka maampu 2, ndi fani ya pa rediyeta ya galimoto yomwe ndinagula kwa ogulitsa zitsulo zakale, yokoka maampu 6. Timabokosi ndi tiwiri, kena kotsitsira kuwala kwa nyale, kena kotsitsira liwiro la fani. Ka nyale n'kolembedwa 12-24V 8A, ka mota n'kolembedwa 12-40V 10A ndipo kali ndi kachitsulo ka mano kochotsa kutentha.

Chimene ndinachedwa kumvetsa n'chakuti timabokosi timeneti sitichepetsa mavoti ayi. M'kati muli tiranzisita yomwe imagwira ntchito ngati swichi: imayatsa moto wonse, n'kuzimitsa wonse, n'kuyatsanso, mofulumira kwambiri moti diso silitha kutsatira, ndipo njira imeneyi ndiyo amaitcha PWM. Mukatembenuza kanobu mukungosintha kuti pa kuzungulira kumodzi moto uziyaka gawo lalikulu bwanji. Gawo limenelo amalilemba D, ndipo mavoti omwe mita imaonetsa ndi awa:

```
V = D × 12
D = 0.3  →  V = 3.6
```

Mita imanena 3.6 chifukwa imasakaniza nthawi yoyaka ndi yozima. Nyale zokha zikulandira mavoti 12 athunthu, kungoti zikulandira moduladula. N'chifukwa chake kabokosi sikatentha kwambiri. Swichi ikatsegula njira yonse palibe chotsekereza moto, ikatseka palibe moto wodutsa, ndiye wotayika ndi wochepa. Rezisita ikanachita ntchito yomweyo pomwaza mphamvu ya batire ngati kutentha.

Pa nyale palibe zambiri zodandaula. Usiku ndimaika kanobu pamene mita ikuonetsa maampu 0.6, lomwe ndi gawo la 0.3 la maampu 2 aja. Maola 10 amadya 6Ah m'malo mwa 20Ah. Chosangalatsa n'chakuti diso la munthu silimva kuchepako momwe mita ikuonera: kuwala kwa 0.3 kumaoneka ngati theka kapena kuposa, ndipo nkhuku zimapeza chakudya ndi madzi bwinobwino, komanso zikakula sizijomphana monga zinkachitira kuwala kuli kwambiri. Anapiye a masiku oyamba ndimawayatsira zonse, koma musayembekeze kuti LED iwafunditsa. Ntchito imeneyo ikadali ya mbaula.

Chinandinyenga pa nyale ndi mababu. Mu Meyi ndinalumikiza mababu awiri a mavoti 12, aja ozungulira okhala ndi timapana, ndikuganiza kuti nawonso azitsika. Ndinatembenuza kanobu mpaka pakati, kuwala osasintha. Nditapitirira anayamba kuphethiraphethira kenako n'kuzima. Mababu ambiri otere ali ndi kadera kawo m'kati kamene ntchito yake ndi kusunga kuwala kuti kusasinthe ngakhale batire litsike, choncho kamalimbana ndi kabokosi. Chingwe cha LED chili ndi timarezisita tokhatokha, n'chifukwa chake chimamvera. Ngati mungathe, yesani babulo pomwe mukugulapo. Ndipo lozani kamera ya foni pa nyale kanobu kali pansi. Mukaona mizere yakuda yokhuthala ikuyenda pa sikirini, kabokosiko kakudula pang'onopang'ono ndipo maso adzatopa ngati ndi m'chipinda chowerengera. Kanga kamaonetsa mizere yopyapyala, m'khola zilibe kanthu.

Nkhani yeniyeni ili pa fani. Ikamazungulira ndi mphamvu yonse, maola 8 a kutentha amadya 48Ah, pafupifupi gawo langa lonse la tsiku. Ndikaika kanobu pakati, mita ya ku batire imaonetsa maampu 1.2 okha, ndipo maola 8 omwewo safika 10Ah. Poyamba ndinaganiza kuti mita yafa, chifukwa theka la 6 ndi 3. Koma fani ikachepetsa liwiro, mphepo yomwe ikukankha imapepuka kwambiri, moti mota imangofuna maampu 2 ndi pang'ono. Ndiye batire likupereka maampu amenewo theka la nthawi lokha. Kuchepa kuwiri kumeneko kukaphatikizana n'kumene kumabala 1.2. Mwezi wa Okutobala wonse, dzuwa lija likuphika malata, ndinkayendetsa pakati kuyambira m'mawa, n'kukweza zonse masana okha nkhuku zikayamba kutsegula milomo.

Tsono kupsereza kuja. Tsiku lina mu Seputembala kanobu ka kabokosi ka mota kanayamba kuvuta, ndipo ine pofulumira ndinasamutsira fani pa ka nyale. Ndinawerenga kuti kakunena 8A, fani ikufuna 6, ndiye vuto lili pati? Mota inayamba kuimba ngati udzudzu, chifukwa ka nyale kamadula pa liwiro loti khutu limamva bwino. Sipanathe ola, fani inathamanga yokha ndi mphamvu yonse, kanobu osagwiranso ntchito.

Mnyamata wokonza mawailesi pafupi ndi msika wa Kapata atakatsegula anangoseka. "Atate, mota si nyale. Umu mulibe dayodi." Mota ili ndi waya wokulungakulunga, ndipo moto woyenda m'waya wotere sulola kuima mwadzidzidzi. Swichi ikatseka, motowo umafuna podutsa, ukasowa umakwera mavoti ochuluka n'kumenya tiranzisita, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Kabokosi ka mota kali ndi dayodi yolumikizidwa pakati pa mawaya awiri a mota, yomwe imapatsa motowo njira yozungulira mpaka swichi itatsegulanso. Ka nyale kanga kanalibe dayodi, poti opanga analibe chifukwa choikamo. Ndipo tiranzisita yotere ikapsa, kawirikawiri imasanduka waya wongodutsa, n'chifukwa chake chizindikiro cha imfa yake ndi fani yothamanga, osati yoima. Mnyamata uja anaikamo tiranzisita ina, ndipo kabokosiko kakuyatsabe nyale mpaka lero.

Chizindikiro chomwecho chingabwere kabokosi kali kabwino, ndiye musathamangire kukataya. Timabokosi tambiri totchipa timadula waya wa negetivu, pozitivu amangodutsa. Ngati negetivu ya mota yakhudza chitsulo chomwe chalumikizana ndi negetivu ya batire, moto wapeza njira yachidule yolambalala swichi. Kusiyanitsa n'kosavuta. Masulani waya wa pa Motor - pa kabokosi. Fani ikapitiriza kuzungulira, vuto lili pa mawaya anu. Ikaima, ndipo mukabwezera ikuthamanganso osamvera kanobu, tiranzisita yapita.

China chomwe chikanandiwonongera mota ndi kanobu kotsitsidwa kwambiri. Fani yanga siyamba yokha kanobu kali pansi pa kota. Imangong'ung'udza mapiko ali chiimire. Munthu amaganiza kuti pamenepo sikudya kanthu, koma ndi pamene ikuzunzika. Mota ikamazungulira imapanga mavoti akeake otsutsana ndi a batire, ndipo amenewo ndi omwe amachepetsa maampu. Ikaima, chotchinga chokha chotsala ndi waya wake, yemwe pa yanga ndi pafupifupi theka la omu:

```
I = (0.2 × 12) / 0.5 = 4.8 A
```

Maampu 4.8 akudutsa mu mota yosazungulira, onse akusanduka kutentha, ndipo palibe mphepo yoiziziritsa. Ndinaipeza choncho masana ena, mwana atatsitsa kanobu kuti phokoso lichepe, thupi la mota losagwirika, fungo la vanishi likumveka. Tsopano ndinalemba mzere wa penti yofiira pa kabokosi: pansi pa mzere uwo n'kuzimitsa basi. Poyatsa timayamba takweza, fani ikagwira liwiro n'kutsitsa pang'onopang'ono, chifukwa mota yomwe ikuzungulira kale imatha kupitiriza pamalo pomwe yoima singayambire.

Zokalamba pa miyezi 8 ndi zing'onozing'ono. Fumbi la Ogasiti ndi la utuchi wa m'khola linalowa m'kanobu, liwiro n'kumadumphadumpha ukamatembenuza. Limenelo ndilo vuto lomwe linandipangitsa kusamutsa fani kuja, ndipo linatha ndi mankhwala opopera otsukira zamagetsi. Pano timabokosi tili kunja kwa khola, m'chigubu chomwe ndinaboola pansi ndi m'mbali kuti mpweya uzidutsa. Masikuluwu omangira mawaya amamasuka okha, ndipo limodzi linatentha mpaka pulasitiki kuda, choncho mwezi uliwonse ndimawalimbitsa. Nambala ya 10A ija musaikhulupirire yonse. Pa maampu 6 mu Okutobala kachitsulo ka mano kamatentha moti chala sichikhalitsapo, ndipo ine sindingaikepo mota yoposa imeneyo. Pafupi ndi batire pali fyuzi ya 10A ndipo mawaya ndi a 2.5 mm², aafupi. Pamene anali aatali, wailesi inkachita phokoso fani ikangoyaka. Pepala la kabokosi ka mota limati kamadula ka 13,000 pa sekondi. Ine sindimva kalikonse, koma ana amati kamalira.

Timabokosi timeneti ndi ta moto wa batire wokha. Fani ya m'nyumba yolumikiza ku soketi ya mavoti 230 siigwirizana nato, ndipo musayese n'komwe. Mafani ena a sola ndi a m'kompyuta nawonso alibe mabulashi, timakala tija topereka moto ku mbali yozungulira ya mota, ali ndi kadera m'kati monga mababu aja, ndipo ukawadulira moto amagogoda kapena kukana kuyamba. Mota ya mabulashi, ya mawaya awiri, ngati ya rediyeta, ndiyo imamvera bwino. Ndiye alamu, musanapite ku sitolo jambulani kapepala kali kumbuyo kwa fani yanuyo munditumizire, komanso mundiuze ngati nyale zanu ndi chingwe kapena mababu.