Zithunzi imajambula bwino, koma mtundu wa lebulo yanga imauphonya

Ndimagulitsa chiponde, ndipo mwezi wathawu ndinalipira pulogalamu ina ya AI yopanga zithunzi kuti ndizipangira zotsatsa malonda. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zitatu. Botolo, mtedza wokazinga, ngakhale kuwala kwa dzuwa patebulo, zonsezi imajambula mogometsa. Pomwe yandikhumudwitsa ndi pa mtundu.

Lebulo yanga ndi yofiira mozama ngati madzi a chidede, ndipo makasitomala amalizindikira botolo langa ali patali chifukwa cha kufiirako. Poyamba ndinangolemba kuti `maroon label`. Zithunzi zinayi zinatuluka, chilichonse ndi kufiira kwake: china ngati njerwa yootcha, china chopita ku pepo. Kenako ndinalemba nambala yeniyeni ya mtunduwo imene amene anandikonzera lebulo anandipatsa:

```
label colour exactly #7A1F2B
```

Zinayandikirako, koma nditatenga kachida kotola mtundu mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, n'kukagunditsa pa lebulo, kanawerenga `#9C2A22`. Ndi maso pafoni simungaone msanga. Mukaika chithunzicho pambali pa botolo lenileni, kusiyana kumaonekera poyera, ndipo zinandiwawa.

Chimachititsa n'chakuti pulogalamuyi sisakaniza mitundu poyeza ngati wogulitsa penti. Inaphunzira kuchokera ku zithunzi zambirimbiri zimene anthu anazilembera mawu, ndipo anthuwo amati `maroon` pa jezi, pa vinyo, pa galimoto yofumbira, zinthu zosafanana kufiira. Mukalemba dzinalo, imangotola penapake m'gulu lonselo. Ngakhale `maroon` ya pa mawebusaiti ndi `#800000`, yomwe ilibe buluu ngakhale pang'ono, pamene yanga ili naye. Nambala nayonso imaiwerenga ngati tizidutswa ta mawu, osati ngati muyeso, n'chifukwa chake imangoyandikira. Ndiye palinso kuwala. Nditapempha dzuwa lamadzulo, chilichonse chinapendekera ku chikasu, lebulo yomwe.

Chimene chandithandizako ndi kutchula mtunduwo m'njira zingapo nthawi imodzi: dzina, nambala, ndi kunena kuti ukhale wakuda pang'ono, wosawala, pa kuwala koyera. Kuikamo chithunzi cha lebulo yeniyeni ngati chitsanzo kunaposa zonsezi, ngakhale kumeneko sikunafike ndendende.

Panopa ndimaiuza kuti ijambule botolo la lebulo yoyera yopanda zilembo, kenako lebulo yanga ndimaiika ndekha mu GIMP n'kuyeza pamalo popanda mthunzi. Zimanditengera mphindi khumi pa chithunzi chimodzi. Ngati mukukasindikiza, apempheni osindikizawo akusindikizireni pepala limodzi kaye muone, chifukwa inki papepala ndi kuwala kwa sikirini sizitulutsa kufiira kofanana. Mwezi uno ndalipiranso, koma ndikuigwiritsa ntchito pa tebulo, mtedza ndi botolo basi.