Pawa fakita: makapasita pa mota iliyonse, bokosi limodzi lodziyendetsa, kapena VSD?

Eni zigayo ndi mafakitale ang'onoang'ono amandifunsa funso lofanana: mayunitsi amene tagwiritsa ntchito sanasinthe, nanga bilu yakwera bwanji? Nthawi zambiri yankho limakhala pa mzere umodzi wa biluyo, pamene palembedwa kVA. Ndikufuna tiyerekeze njira zochepetsera nambala imeneyi, chifukwa ndaona anthu akugula chipangizo chodula pamene vuto lawo limafuna china.

Tiyambe ndi chimene chimachitika m'kati mwa mota. Mota ya chigayo imakoka magetsi a ntchito ziwiri. Ena amasanduka mphamvu yozunguza nyundo zogaya chimanga, ndipo amenewa ndiwo kW. Ena ntchito yawo ndi kupanga maginito m'makoyilo kuti motayo izungulire. Amenewa sathera m'motamo, amangopita ndi kubwerera pakati pa mota ndi thiransifoma, ndipo amayezedwa mu kVAr. Ali ngati matumba opanda kanthu amene lole imanyamula popita ndi pobwera: si ufa, simungawagulitse, koma atenga malo m'lolemo. Nthambo ndi thiransifoma zimasenza zonse ziwiri pamodzi, ndipo katundu yenseyo ndiye kVA. Pawa fakita, mwachidule PF, ndi gawo la katunduyo limene likugwiradi ntchito:

```
PF = kW / kVA
```

Pa kachitsulo kolembedwa ka mota mudzaona `cos φ`, imene ndi pawa fakita ya motayo, mwina 0.85. Nambala imeneyo ndi ya mota imene yasenza katundu wokwanira. Ikamazungulira yopanda chimanga, kW imatsika kwambiri koma magetsi a maginito amakhala pafupifupi omwewo, ndiye pawa fakita imatha kugwa mpaka pansi pa 0.3. N'chifukwa chake malo okhala ndi mamota ambiri, ena akungolira opanda ntchito, amavutika kwambiri.

Kampani ya magetsi iyenera kuika thiransifoma ndi nthambo zokwanira kVA yanu yonse, osati kW yokha. Motero makasitomala aakulu a ESCOM, monganso a ZESCO ku Zambia, amalipira mayunitsi komanso kVA yapamwamba imene mita yajambula. Mita imatenga avereji ya kanthawi, kawirikawiri mphindi 15 kapena 30, n'kusunga nambala yaikulu koposa. Izi zikutanthauza kuti kukoka kwa masekondi ochepa poyatsa mota sikumene kumakupwetekani. Chimene chimakupwetekani ndi theka la ola limene makina onse akuyenda limodzi.

Musanagule chilichonse yang'anani bilu yanu. Ngati mumangogula mayunitsi pa mita yolipiriratu, ndipo palibe pamene akulipiritsa kVA, kapasita, chipangizo chokwezera pawa fakita, sichepetsa ndalama zimene mumalipira. Timabokosi timene amagulitsa kuti muzibaya pa soketi, ati timapulumutsa magetsi, tisiyeni. Mita ya kunyumba imawerenga kWh, ndipo kapasita sichotsa kWh ya ntchito imene mota ikugwira.

Tsopano tiyerekeze malo amene ali ndi zigayo ziwiri, chokonola, kompuresa ndi pampu. Nthawi ya ntchito yambiri akukoka 100 kW pa pawa fakita ya 0.70. Mukagawa 100 ndi 0.70 mupeza 143 kVA, ndipo pa mavolti 400 a mafezi atatu, nthambo iliyonse ikusenza maampu pafupifupi 206. Atakweza kufika pa 0.95, ntchito yomweyo ifuna 105 kVA ndi maampu 152. Kusiyana kwake ndi 38 kVA mwezi ndi mwezi. Tengani 38 muchulukitse ndi mtengo wa kVA imodzi umene uli pa bilu yanu, mudziwa ndalama imene ikutayika. Kuti mudziwe kukula kwa makapasita ofunika, werengani chonchi, pamene cos φ1 ndi pawa fakita imene muli nayo, 0.70, ndipo cos φ2 ndi imene mukufuna, 0.95:

```
kVAr = kW x (tan φ1 - tan φ2)
     = 100 x (1.020 - 0.329)
     = 69
```

Choncho pakufunika pafupifupi 70 kVAr. Kapasita imasunga magetsi a maginito aja pafupi ndi mota, ngati kusunga matumba pachigayo pomwepo m'malo moyenda nawo pamsewu. Funso latsala n'lakuti 70 kVAr imeneyi muiike pati, ndipo mwanjira yanji.

Njira yoyamba ndi kuika kapasita pa mota iliyonse. Imayaka ndi kuzima pamodzi ndi motayo, ilibe chida choiyendetsa chimene chingawonongeke, ndipo imapeputsa nthambo yonse kuchokera pa bolodi mpaka pa mota. Ngati chigayo chili patali ndi mita ndipo nthambo yake imatentha, ubwino umenewu ndi waukulu. Mota ya 30 kW yozungulira pafupifupi ka 1,500 pa mphindi imafuna kapasita ya 10 kVAr kapena pafupi pamenepo. Koma apa m'pofunika mmisiri wosamala. Kapasita ikakula mopitirira, mukazimitsa magetsi mota imene ikadali pa liwiro imasanduka jenereta, mavolti n'kukwera mpaka kuotcha makoyilo. Lamulo lake n'lakuti kapasita isapitirire 90 peresenti ya magetsi amene motayo imakoka ikamazungulira yopanda katundu. Chigayo cha nyundo chimatenga nthawi kuti chiime, ndiye chenjezo limeneli likuchikhudza kwambiri. Chinanso chimene ambiri amaiwala: ngati kapasita yalumikizidwa kutsogolo kwa ovalodi, chida chodula magetsi mota ikalemedwa, kumbali ya mota, maampu odutsa mu ovalodiyo amachepa, ndipo muyenera kutsitsa seting'i yake. Mukapanda kutero mota idzalemedwa mpaka kupsa, ovalodi osadula. Kuipa kwina n'kwakuti kapasita ya mota imene yazima imangokhala, sithandiza ina. Pa mamota khumi ndi asanu ang'onoang'ono, njirayi imadula pachabe.

Njira yachiwiri ndi bokosi limodzi pa bolodi lalikulu, lokhala ndi makapasita ogawidwa m'masitepe, mwachitsanzo 5, 10, 15, 20 ndi 25 kVAr. Kontirola imayeza magetsi olowa kudzera pa `CT`, kachida koyezera maampu pa nthambo, n'kumalowetsa kapena kuchotsa sitepe malinga ndi mamota amene akuyenda. Pa malo amene katundu amasinthasintha tsiku lonse, iyi ndi njira imene ine ndimaikonda, chifukwa imayang'ana pamalo pomwe mita imayang'ana. Koma nthambo za m'kati, zochokera pa bolodi kupita ku mamota, sizipepukidwa ayi.

Bokosi lotere limafa mwakachetechete, ndipo pamenepa ndikufuna nditsindike. Ndinaitanidwapo pamalo ena pamene bokosi linali ndi magetsi ake obiriwira akuyaka bwinobwino, koma bilu yabwerera pakale. Nditatsegula ndinapeza fumbi la ufa latseka fani, makapasita awiri atatupa pamwamba ngati chitini cha nsomba chowonongeka, ndipo fyuzi imodzi itapsa. Kontakita, swichi yolowetsa sitepe, imamveka kugunda, koma sitepeyo inalibe kanthu. Poyeza ndi kosavuta: ikani kilampu mita pa fezi iliyonse ya sitepe. Sitepe ya 25 kVAr pa mavolti 400 iyenera kukoka maampu pafupifupi 36 pa fezi iliyonse. Mukapeza maampu 25, kapasitayo yatha mphamvu. Mukapeza fezi imodzi ilibe kanthu, fyuzi yapita. Ngati kontirola ikuonetsa nambala yosamveka kuyambira tsiku loyamba, kawirikawiri `CT` yaikidwa pa fezi yolakwika, yatembenuzidwa, kapena ili pamalo pamene siikuona magetsi a makapasitawo. Ndipo musagwire m'kati mutangozimitsa: kapasita imasunga magetsi, dikirani mphindi zimene wopanga analemba, kenako muyeze.

Ena pofuna kupulumutsa ndalama amaika 70 kVAr yonse pa bolodi popanda kontirola. Masana zimayenda, koma usiku mamota atazima makapasita amakhala akukankha okha 70 kVAr, pawa fakita n'kuipanso chifukwa tsopano makapasita achuluka, ndipo mavolti amakwera. Choopsa kwambiri chimabwera magetsi akazima n'kuyatsa jenereta. Jenereta sigwirizana ndi makapasita ochuluka pamene katundu ndi wochepa, mavolti ake amayamba kuvina. Kwathu kuno kumene jenereta imalira kawirikawiri, uzani mmisiri alumikize mwakuti bokosi lizizima lokha jenereta ikatenga katundu.

Njira yachitatu ndi `VSD`, chida chosinthira liwiro la mota. Ogulitsa amanena zoona kuti ndi chida chimenechi mota sikokanso magetsi a maginito kuchokera kunja. Koma kugula `VSD` chifukwa cha pawa fakita yokha n'kuononga ndalama. Phindu lake lenileni lili pa mapampu ndi mafani amene safunika kuthamanga pa liwiro lonse nthawi zonse; pamenepo imachepetsa mayunitsi enieni, chinthu chimene kapasita singachite. Pa chigayo cha nyundo, chimene chimafuna liwiro limodzi, phindulo ndi lochepa. Komanso `VSD` imakoka magetsi modukizadukiza, zimene zimabala mahamoniki, mafunde osafunika othamanga kangapo kuposa magetsi a nthawi zonse, makamaka achisanu ndi achisanu ndi chiwiri. Mahamoniki amenewa amathamangira m'makapasita n'kuwatenthetsa. Ngati muli ndi ma `VSD` angapo kapena makina owotcherera ambiri, gulani bokosi lokhala ndi mariyakita, makoyilo oteteza makapasita ku mahamoniki, a 7 peresenti ndiwo ofala, ngakhale likhale lodulirapo. Ndipo kapasita isalumikizidwe konse pakati pa `VSD` ndi mota yake.

Pali njira ina yosafuna kugula bokosi, imene iyenera kuyamba zonsezi zisanachitike. Zimitsani chokonola pamene palibe chimanga. Musayendetse makina onse m'theka la ola lomwelo ngati pampu ingathe kudzaza thanki m'mamawa. Mota ya 37 kW imene inaikidwa pa ntchito ya 15 kW chifukwa ndi imene inalipo, isintheni ikadzapsa, osangoikulungitsanso. Izi zokha sizingakufikitseni pa 0.95, koma zimachepetsa kukula kwa bokosi limene mudzagule.

Pa malo a chitsanzo chathu aja, ine ndingachite chonchi: zigayo ziwiri zikuluzikulu, zimene zimayenda maola ambiri, ndingaziikire 10 kVAr chilichonse pa mota pomwepo, n'kutsitsa maovalodi ake. Zotsalazo, pafupifupi 50 kVAr, ndingaziike m'bokosi lodziyendetsa la masitepe ang'onoang'ono. `VSD` ndingaiganizire pa pampu yokha. Sindingathamangire 1.00: kuchoka pa 0.95 kufika pamenepo kumafuna 33 kVAr ina, koma kumangochotsa 5 kVA. Pomaliza, ngati pa bilu yanu pali kVA imene munagwirizana ndi kampani ya magetsi kuti akusungireni, mita ikaonetsa kutsika kwa miyezi ingapo pitani mukapemphe kuti nambala imeneyonso aiunikenso, chifukwa mbali imeneyo ya bilu sitsika yokha.