Kumasulira mauthenga ofupikitsidwa: mndandanda kapena kuwerenga zonse kaye?

Ku Ulongwe ndi ku Tsangano, m'dziko la Mozambique, achinyamata amalemba pafoni mosakaniza Chinyanja ndi Chipwitikizi chodulidwa, ndipo womasulira ali ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi kukhala ndi mndandanda, chidule chilichonse ndi tanthauzo lake. Imafulumira, ndipo pa "vc", "tb" ndi "obg" siyikugwetsani: amenewa ndi "iwe", "-nso" ndi "zikomo" basi.

Koma taonani "fds". Wina akalemba "bom fds 🙏", akukufunirani mapeto a sabata abwino. Winanso akalemba "fds, sem energia de novo 😭", zilembo zomwezo ndi mawu otukwana, munthuyo wakwiya kuti magetsi azimanso. Wodalira mndandanda adzamasulira kuti "mapeto a sabata, magetsi kulibe", mkwiyo wonse n'kutayika.

Ndiye ine ndimakonda yachiwiri: kuwerenga kaye zimene zanenedwa m'mbuyo ndi zimene ayankha, kenako kulemba uthengawo m'mawu athunthu, kumasulira pomaliza. Imadya nthawi ndithu. Komabe ndiyo imakuuzani ngati 😭 ndi kulira kapena kuseka: ikatsagana ndi "kkkk", munthuyo wafa nacho chiseko, musamulembere chisoni.