Maphunziro a matirikisi ya kamera ku Area 47: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Ndangomaliza kumene maphunziro a Loweruka lililonse kwa mwezi wathunthu pa malo ena ophunzitsira makompyuta ku Area 47. Chimene ndinalembetsera n'chakuti ndikupanga kagemu kokhala ndi msewu wa masitolo, ngati wa Malangalanga uja, ndipo zikwangwani za masitolo akutali zinkangothwanimathwanima kamera ikamayenda. Ndinkangoitana `glm::perspective`, fankishoni imene imapanga matirikisi ya kamera, osadziwa chimene manambala ake akuchita.

Tsiku loyamba aphunzitsi anati titseke malaputopu, titenge pepala ndi kakyuleta. Ena anadandaula, koma kwa ine apa ndi pamene panali phindu la ndalama zanga. Tinalemba patokha matirikisi ya kamera ya OpenGL, njira imene mapulogalamu amajambulira zithunzi za 3D pa kompyuta:

```
f = 1 / tan(fovy / 2)

f/aspect  0   0                      0
0         f   0                      0
0         0   (far+near)/(near-far)  2*far*near/(near-far)
0         0   -1                     0
```

Tinayamba ndi ngodya imene kamera imaona kuchokera pansi kufika pamwamba, ndiyo `fovy`. Pa madigiri 60, theka lake ndi 30, ndipo `f` imatuluka 1.732. Sikirini ya 16:9 imapereka `aspect`, kutanthauza 16 kugawa ndi 9, ya 1.778, choncho nambala yoyamba ija imakhala 0.974. Ndinali ndisanadziwe kuti madigiri 60 amenewa ndi a m'mwamba mokha. Cham'mbali kamera imaona pafupifupi madigiri 91. Aphunzitsi anatiimiritsanso pa `-1` uja mpaka aliyense atamva. Iyeyu ndi amene amatenga mtunda wa chinthu n'kuuika mu `w`, nambala yachinayi imene matirikisi imatulutsa pambali pa `x`, `y` ndi `z`, ndipo `x` ndi `y` akagawidwa ndi `w`, zakutali zimachepa. Popanda kugawa kumeneku, nyumba yakutali ndi yapafupi zikanaoneka zofanana kukula.

Titabwerera pa kompyuta, mnzanga wokhala pambali panga anapeza chithunzi chake chili chadodolido komanso chaching'ono kwabasi. Aphunzitsi sanamukonzere. Anangoti, "Achimwene, werengani `tan(30)` pa kompyuta panupo." Inatuluka -6.4 m'malo mwa 0.577, chifukwa `tan` imafuna maradiyani, osati madigiri. Kaphunzitsidwe kotere ndinakakonda, poti tsopano ndikaona chizindikiro ndimadziwa koyambira kufufuza.

Za zikwangwani zanga tinafika sabata yachitatu. Kamera ili ndi malire awiri, apafupi ndi akutali, `near` ndi `far`, ndipo chilichonse cha kunja kwake chimadulidwa. Ine ndinali nditaika `near` pa mita 0.01 poopa kuti khoma lingadulike munthu akaliyandikira, ndipo `far` pa mamita 1000. Ndinkaganiza kuti vuto ndi `far`, moti ndinali nditaichepetsapo kangapo osaona kusintha. Aphunzitsi anatiwerengetsa kuti manambala osungira kuya, kutanthauza mtunda wa chinthu kuchokera pa kamera, sagawidwa mofanana pa mtunda wonse. Pafupifupi theka lake limathera pakati pa `near` ndi mtunda wowirikiza kawiri `near`. Ndiye kuti kwa ine theka lonse linkathera pakati pa sentimita imodzi ndi masentimita awiri kutsogolo kwa kamera, pamene palibe chilichonse choti n'kuona!

Ndi mabiti 24 osungira kuya, kampata kochepetsetsa kamene kompyuta ingasiyanitse pa mtunda `z` ndi pafupifupi `z*z / (near * 2^24)`. Pa mamita 100, ndi `near` yanga ija, kampatako kanali masentimita 6. Zikwangwani zanga zinali masentimita awiri okha kutsogolo kwa khoma, choncho kompyuta inkalephera kudziwa chili patsogolo n'chiti, khoma ndi chikwangwani n'kumalimbirana malo amodzi. Nditasintha `near` kukhala 0.5, kampatako kanatsika kufika milimita imodzi ndi pang'ono, ndipo kuthwanima kunatheratu pompo. Mtengo wake ndi wakuti kamera isayandikire khoma kuposa theka la mita, apo ayi mumaona m'kati mwa sitolo. Zimenezo ndinakonza poletsa munthu wa m'gemuyo kufika pakhoma penipeni.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha tsiku lomaliza. Magetsi anazima, jenereta inachedwa kuyaka, ndipo aphunzitsi anathamangitsa nkhani ya kasungidwe ka matirikisi. OpenGL imayembekeza manambala motsatana ndi mizere yotsika, pamene ife papepala tinkalemba motsatana ndi yopingasa. Nditafika kunyumba sikirini inangoti bii, ndipo ndinataya usiku wonse ndisanazindikire kuti `-1` uja wakhala pamalo olakwika. Aphunzitsi sanatchulenso kuti Vulkan ndi Direct3D, anzake a OpenGL, amaika kuya pakati pa 0 ndi 1, osati -1 ndi 1 ngati OpenGL, kutanthauza kuti mzere wachitatu umasintha. Amene mukufuna kulembetsa, pitani mutakumbukirako `tan` wa kusekondale, mutenge laputopu yodzaza moto, ndipo za kasungidwe ka matirikisi ndi za Vulkan ndi Direct3D mufunse sabata yachitatu isanathe.